Thumba la inshuwalansi ya nyumba: tisonkhe zingati, ndipo lilipire ngozi ziti?

Mlembi: Abale, ganizo la komiti ndi ili: banja lililonse lizisonkha pang'ono pachaka, ndipo amene nyumba yake yapsa kapena denga lasasuka azithandizidwa kuchokera m'thumbamo. Tikambirane tisanafike ku msonkhano.

Mayi Nabanda: Ine ndavomera kale, bola chaka chikatha popanda vuto tizigawana ndalama zathu ndi phindu lomwe.

Bambo Mvula: Mayi, pepani, pamenepo ndiye tisiyane kaye. Thumbali si losungitsa ndalama. Ndagwira ntchito ya inshuwalansi zaka zambiri, mundilole ndiwerengere poyera. Tiyerekeze kuti tili mabanja 200, kukonza nyumba imodzi yopsa kumafuna 500,000, ndipo pachaka zimapsa nyumba ziwiri. Ndiye kuti thumba liyenera kutulutsa 1,000,000. Tikagawana tonse, banja lililonse lisonkha 5,000. Mabanja 198 sadzalandira kanthu chaka chimenecho, chifukwa ndalama zawo ndi zimene zakhomera malata pa nyumba ziwiri zija. Inu chimene mwagula ndi chakuti moto ukagwa kwanu, simudzasowa pogwira.

Mayi Nabanda: Ndiye ndisonkhe zaka khumi osaona ngakhale kobiri? Zikundivuta kumvetsa, bambo.

Achimwene Tembo: Mayi, ine nyumba yanga inapsa chifukwa cha waya wa magetsi wa m'denga. Tinatuluka ndi zofunda zokha, ana ali chilili panja usiku akuyang'ana malata akupindika. Ndinatha zaka zitatu ndikubweza ngongole. Ndikadakhala ndi mwayi wopereka 5,000 pachaka, sindikadaganiza kawiri. Tiyambe basi, ngakhale tipezeke mabanja 40 okha.

Bambo Mvula: Achimwene, mtima wanu ndaumva, koma mabanja 40 ndi ochepa. Akasonkha 5,000 aliyense, m'thumba mukhala 200,000, ndipo nyumba imodzi yokha ikapsa chaka choyamba tasowa kale 300,000. Ngakhale pa mabanja 200, moto suwerenga kuti chaka chino zakwana ziwiri ndiime. Chaka china sipapsa nyumba, china zipsa zinayi. Pa masamu omwewa, pafupifupi kamodzi pa zaka 20 zikhoza kupsa zisanu kapena kuposa. N'chifukwa chake ine ndingati tisonkhe 7,500, kuti chaka chilichonse tikhale ndi za nyumba zitatu, ndipo zotsala zisagawidwe, zizidikira chaka choipa.

Msungichuma: Apo ndagwirizana nanu. Ndipo tikachuluka ndiye kuti palibenso chodetsa nkhawa, tingathe kulipira moto, mphepo, madzi osefukira, zonse.

Bambo Mvula: Kuchuluka kumathandiza pokhapokha ngati tsoka la uyu silikukoka tsoka la mnzake. Waya wa kwa achimwene Tembo sunakhudze nyumba ya kutsidya. Koma mphepo ya mkuntho imadutsa dera lonse usiku umodzi, ndipo nyumba zathu zonse zili dera limodzi. Itasasula madenga 60, tifunika 30,000,000, pamene thumba limalandira 1,500,000 pachaka. Tingasonkhe zaka 20 osalipira wina aliyense kuti zikwane. Ngakhale moto umatero nyumba zikathithikana: ku London mu 1666 unapsereza nyumba zoposa 13,000 m'masiku ochepa. Makampani amathana nazo potenga makasitomala a madera otalikirana, komanso iwo eni amakagula inshuwalansi ku makampani ena akuluakulu. Ife njira ziwiri zonsezo tilibe.

Msungichuma: Koma anthu ambiri chimene akuopa ndi mphepo yomweyo. Tikaichotsa, alowa ndani?

Bambo Mvula: Tingalembe m'malamulo kuti pa ngozi yogwera ambiri nthawi imodzi, thumba litulutsa theka lokha la zimene zilimo, ogweredwawo agawane mofanana. Aliyense adzalandira zochepa, koma adziwiretu asanasonkhe.

Achemwali Nachisale: Ine nkhawa yanga ndi ina. Kulowa kukakhala kwa ofuna okha, athamangira ndi amene akudziwa kuti denga lawo likugwedera kale. A nyumba zolimba akhala pambali, ndiye nyumba ziwiri pachaka zija zisanduka zisanu, ndalama zosonkha zikwera, olimba otsalawo atulukanso.

Bambo Mvula: Mwalasa, achemwali. Pakufunika anthu oyendera nyumba isanalembedwe, aone mawaya, misomali ndi mitengo ya denga. Wolowa kumene adikirenso miyezi itatu asanayambe kulandira, ndipo 50,000 yoyamba pa ngozi iliyonse azilipira mwini nyumba kuti asalekerere.

Mayi Nabanda: Nanga gogo amene denga lake ndi lofooka chifukwa alibe ndalama yokonzera, mukamukana? Si ndiye amene timafuna kumuthandiza?

Achimwene Tembo: Funso limenelo landikhudza. Mwina timukonzere kaye ndi ndalama zina, kenako alowe.

Msungichuma: Ndalama zina zochokera kuti, achimwene?

Mlembi: Ndalemba ziwiri zoti tikagamule: za mphepo ndi za madenga ofooka. Bambo Mvula, mutitumizire masamu a mabanja 100 ndi 300 lisanafike Loweruka.