Mphindi 5 kapena 110 peresenti, ndikhulupirire nambala iti?

NaBanda wa ku Mufakose
Akuluakulu a pa gulu lino, ndithandizeni kuwerenga manambala a mu YouTube Studio. Tchanelo changa ndi chophunzitsa kukonza makina osokera. Ndili ndi mavidiyo atatu amene akundizunguza mutu. Yoyamba ndi ya mphindi 20, yophwasula makina onse: Average view duration ikuti 5:00, Average percentage viewed ikuti 25%. Yachiwiri ndi ya mphindi 6, yokonza ulusi wodukaduka: 3:00 ndi 50%. Ziwirizi iliyonse yaonedwa pafupifupi ka 1,200. Yachitatu ndi Short ya masekondi 30 yosonyeza kaikidwe ka bobini: 0:33 ndi 110%. Ndikayang'ana mphindi, yaitali ija ndiye yapambana. Ndikayang'ana peresenti, yaitali yomweyo ndiye yotsalira. Nanga 110% imatheka bwanji, munthu angaonere kuposa vidiyo yonse? Ndisiye zazitalizi?

Mjomba Fulu
Peresenti basi, mayi. Mphindi zimanamiza chifukwa vidiyo ikakhala yaitali mphindi zimachuluka zokha. Vidiyo iliyonse yosafika 50% ndiye kuti anthu aikana. Dulani yaitaliyo ikhale zidutswa zinayi za mphindi zisanuzisanu, muona peresenti ikukwera.

APhiri a ku Highfield
Mjomba mwanena zoona kuti peresenti idzakwera, koma kukwerako sikutanthauza kuti tchanelo chapindula. Manambala awiriwa ndi nambala imodzi yovala malaya awiri. Onani mmene amapezekera:

```
Average view duration = Watch time / Views
Average percentage viewed ≈ Average view duration / kutalika kwa vidiyo × 100
```

Pa vidiyo imodzi, mukadziwa imodzi mwadziwanso inzake. Mphindi 5 pa 20 ndi 25%, mphindi 3 pa 6 ndi 50%. Kusiyana kumayamba mukamayerekeza mavidiyo osafanana kutalika, monga mwachitira inu a NaBanda.

Tiyeni tiwerenge zanu zomwe. Yaitali ija, anthu 1,200 kuchulukitsa ndi mphindi 5 ndi mphindi 6,000, amene ndi maola 100. Ya mphindi 6, anthu 1,200 kuchulukitsa ndi 3 ndi mphindi 3,600, maola 60. Ngati mukusaka maola 4,000 a miyezi 12 amene amafunika pamodzi ndi olembetsa 1,000 kuti malonda ayambe kukulipirani, ya 25% ija yakubweretserani maola 40 ochuluka kuposa ya 50%. Short ija pa maola amenewa siikuthandizani, chifukwa nthawi imene anthu amaonera mu Shorts feed siwerengedwa pa 4,000. Ma Shorts ali ndi khomo lawolawo, la kuonedwa ka 10 miliyoni m'masiku 90.

A YouTube eni ake, pofotokoza mmene amasankhira mavidiyo oonetsa anthu, ananena kuti pa mavidiyo aafupi peresenti ndiyo imalemera kwambiri, pa aatali mphindi zenizeni ndizo zimalemera. Malire a "yaifupi" ndi "yaitali" ndiwo sanawalembe m'manambala. Choncho lamulo la 50% pa vidiyo iliyonse silingagwire. Kuti vidiyo ya mphindi 20 ifike 50%, anthu ayenera kukhala mphindi 10 pa avereji, pamene ya mphindi 2 ikungofuna mphindi imodzi.

Mjomba Fulu
Ndiye mukuti azingotalikitsa? Ajambule ya ola lathunthu, anthu aonere mphindi 6, tiziti wapambana?

APhiri a ku Highfield
Ayi mjomba. Kutalikitsa popanda nkhani sikuwonjezera mphindi, munthu wotopa pa 5:00 atopabe pa 5:00 ngakhale kutsogolo kuli ola. Chimene chimatsika ndi peresenti yokha. Apa ndi pamene peresenti yanu ija imagwira ntchito pa vidiyo yaitali: imakuuzani kuti mwajambula zochuluka zimene palibe akuzifika. Mavidiyo awiri onse a 5:00, ina ya mphindi 12 ina ya mphindi 40, ndingasankhe ya 12.

Mai a Tadala
Ine vuto langa lili pa mawu akuti avereji. A NaBanda, 5:00 yanuyo mwina palibe ndi mmodzi yemwe amene anaonera mphindi zisanu. Tengani anthu 100. Anthu 60 achoke pa masekondi 30, amenewo apereka mphindi 30 onse pamodzi. Otsala 40 aonere mpaka 11:45, apereka mphindi 470. Zonse ndi mphindi 500, kugawa ndi 100 ndi 5:00 ndendende. Tsono tengani ena 100 amene onse aonera bwinobwino mpaka pa 5:00 n'kuchoka limodzi. Avereji ndi 5:00 yomweyo, peresenti 25 yomweyo, koma matenda ndi osiyana.

Poyambapo chalakwika ndi chiyambi, kapena mutu ndi chithunzi cha pachikuto zalonjeza zimene vidiyo sinayambe nazo. Amene apirira akukhala nthawi yaitali, ndiye phunzirolo lili bwino, musalikhudze. Kwachiwiriko chiyambi chili bwino, koma pa mphindi yachisanu pali chinachake: mwina yankho munalipereka kale pamenepo, kapena munayamba kufotokoza mbiri ya makina m'malo momasula zitsulo.

Manambala awiri aja sangakuuzeni kuti muli pati. Tsegulani vidiyoyo mu YouTube Studio, pitani pa Analytics, kenako Engagement, muone girafu ya pansi pa Key moments for audience retention. Pali nambala ya Intro, imene imanena kuti ndi anthu angati pa 100 amene akadalipo pa masekondi 30. Mzere ukagwa ngati phompho koyambirira n'kuyenda mosalala pambuyo pake, ndinu a chitsanzo choyamba. Ukayenda bwino n'kuthyoka pakati, onerani vidiyoyo kuyambira masekondi 20 malo othyokawo asanafike, mumve chimene munanena. Mukaona kaphiri pakati pa mzere, pamenepo anthu akubwereza kapena akudumphira pomwepo. Pa mavidiyo okonza zinthu kaphiri kameneka nthawi zambiri kamakhala pamene sikuluu ikumasulidwa ndipo dzanja latchinga kamera.

Intro ndi zizindikiro zina za pa girafuyi zimafuna vidiyo yosachepera masekondi 60 ndi kuonedwa ka 100, ndipo manambala amachedwa tsiku limodzi kapena awiri. Musaweruze vidiyo ya dzulo.

NaBanda wa ku Mufakose
Zikomo Mai a Tadala, ndatsegula. Intro ikuti 52%. Mzere ukutsika pang'onopang'ono mpaka 8:10, pamenepo wagwanso kwambiri. Koyambirira ndimapereka moni, kutchula tchanelo ndi kupempha anthu alembetse, zimatenga masekondi 40. Pa 8:10 ndi pamene ndamaliza kuthira mafuta n'kuyamba za lamba wa mota.

Mai a Tadala
Ndiye mwapeza ziwiri. Pafupifupi theka la anthu likuchoka makina asanaoneke. Vidiyo yotsatira iyambe ndi makina akulira moipa ndi mawu amodzi onena chimene mukonze, moni abwere mkati manja akugwira kale ntchito. Za pa 8:10 ndikuganiza kuti ambiri ali ndi makina opalasa ndi phazi kapena opukusa ndi dzanja, za mota sizikuwakhudza. Ngati zili choncho, mjomba aja ali ndi mfundo pang'ono, gawo la mota liime palokha. Koma kudula kwake kutsate nkhani, osati kugawa panayi ndi wotchi.

Chimwene wa Kombi
Zanga zili pa 4.1% basi, miyezi yonseyi. Ndiye kuti anthu akuonera masekondi angati? Ndafooka nazo.

APhiri a ku Highfield
Achimwene, yang'anani dzina lili pamwamba pa nambalayo. Ndikukayika kuti mukuwerenga Impressions click-through rate, imene ili pa Reach. Imeneyo ikunena za anthu amene anaona chithunzi cha pachikuto n'kudina, sikunena za kutalika kwa kuonera. Yanu ya kuonera ili pa Engagement.

Tibwerere ku 110% ya a NaBanda. Short ikafika kumapeto imayambiranso yokha, ndipo nthawi yobwerezayo imawerengedwa. Mwa anthu 10, asanu ndi atatu akaonera kamodzi, masekondi 30 aliyense, awiri n'kupitirira mpaka masekondi 45, zonse ndi masekondi 330, avereji 0:33, ndiyo 110% imeneyo. Pa Short mphindi sizikuuzani kanthu, 0:33 poyerekeza ndi 5:00 ndi zinthu zosayerekezeka, ndiye peresenti ndiyo yoyang'ana. Koma yokha siikwana. Imawerengedwa pa anthu amene anaima n'kuonera, osati onse amene Short inawadutsa m'maso. Pafupi pake pali nambala ya Stayed to watch, imene kale inkalembedwa Viewed vs swiped away. Ikakhala 35%, ndiye kuti anthu 65 pa 100 anakankha chala nthawi yomweyo, ndipo 110% ija ndi ya ochepa otsalawo.

Chenjezo lina: kuyambira pa 31 Malichi 2025, Views za ma Shorts zimawerenga nthawi iliyonse imene vidiyo yayamba kapena kuyambiranso. Kuwerenga kwakale kuja tsopano kumatchedwa Engaged views. Mukagawa Watch time ndi Views za Short mupeza nambala yaing'ono kuposa imene Studio ikuonetsa, musadabwe.

Mai a Tadala
Ndiwonjezere kuti kubwereza sikuti nthawi zonse n'kukonda. Ngati bobini ikulowa mu sekondi imodzi chala chitaphimba, munthu abwereza chifukwa sanaone. Peresenti ikwera, iye achoka osaphunzira. Ndemanga za pansi ndizo zingakuuzeni. Komanso kuyambira Okutobala 2024 Short ikhoza kufika mphindi zitatu, ndiye musayerekeze peresenti ya Short ya masekondi 15 ndi ya mphindi ziwiri ndi theka. Poyerekeza, tsegulani Advanced mode pa kompyuta, muike Average view duration ndi Average percentage viewed moyandikana, muziyang'ana mavidiyo otalika mofanana okhaokha.

Gogo Nasimango wa ku Epworth
Ana inu mukuiwala deta. Kuno munthu amatsegula linki imene yabwera pa WhatsApp, akaona kuti ndi mphindi 20 amatseka kuopa bandulo, ngakhale phunzirolo alifuna. Ameneyo mumuwerenga kuti wakana chiyambi?

APhiri a ku Highfield
Agogo mwakhudza penipeni, ndipo zimenezo zimaoneka. Mu Advanced mode sankhani Traffic source, muone Average view duration ya External, ndiwo obwera pa malinki a kunja kwa YouTube, payokha, ya YouTube search payokha, ya Suggested videos payokha. Mukapeza External ili pa 1:10 pamene YouTube search ili pa 8:00, ndiye kuti amene akutsitsa avereji ndi achibale ndi anzanu a m'magulu amene amadina mwaulemu chabe, kapena oopa bandulo aja. Amene anabwera akusaka okha akukhala. Onaninso Geography ndi Device type, oonera pa TV ndi oonera pa foni sakhala nthawi yofanana.

Mjomba Fulu
Ine ndikuumirirabe kuti kwa anthu a bandulo ya tsiku ya mphindi 6 ija ndiyo yabwino. Maola 100 aja abwera lero, koma munthu amene wamaliza theka la vidiyo yaifupi amadina inanso, amene wathawa yaitali sabwera. Maola a vidiyo inayo imene wadina mwawawerengera kuti, aPhiri?

APhiri a ku Highfield
Pa manambala awiriwa saoneka, pamenepo ndikuvomera. Muyenera kuyang'ana End screen element click rate ya vidiyo ya mphindi 6, ngati a NaBanda anaika vidiyo yotsatira kumapeto kwake.

NaBanda wa ku Mufakose
Sindinaike. External ili pa 1:25, YouTube search pa 7:40. Nanga ndisiye kutumiza malinki pa WhatsApp, kapena ndizitumiza ya mphindi 6 yokha?