Chingwe chonyamula paipi pa khwawa la mamita 40 ku Namwera: chikula bwanji, nanga tigule chotalika bwanji?

Wamapaipi Namwera

Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Tikukoka madzi ochokera m'phiri ndipo paipi ikuyenera kuoloka khwawa la mamita 40. Pansi sitingakwirire chifukwa madzi a mvula amakumba kwambiri, ndipo mzati wa pakati sungakhalitse. Ndiye tagwirizana zoimika nsanamira mbali iyi ndi mbali inayo, kudutsitsa chingwe chachitsulo pamwamba, paipi n'kulendewera kunsi kwake pa mahang'ala. Paipi ndi yachitsulo ya mainchesi 4. Magombe onse awiri ndi ofanana msinkhu, tinayeza ndi levulo. Funso langa lili pawiri. Chingwe chidzakokedwa ndi mphamvu yochuluka bwanji? Nanga ndikaode mamita angati? Ogulitsa ali ku Blantyre, sindikufuna chidzapereŵere galimoto itabwera kale.

Wowotcherera pa Boma

Achimwene, yambani ndi kulemera. Paipi imeneyo imalemera pafupifupi makilogalamu 12 pa mita, madzi odzaza m'kati ndi pafupifupi 9. Muonjezere masoketi, mahang'ala ndi chingwe chenichenicho, mufika pa 25. Pa mamita 40 ndi makilogalamu 1,000, tani imodzi ndendende. Nsanamira ziwiri zigaŵana, iliyonse 500. Ndiye chingwe chopirira tani imodzi chakwana ndi kutsala. Utali gulani 45 basi.

Injiniya wopuma, Malindi

Kulemerako mwaŵerengera bwino, bambo, ndipo 500 mbali iliyonse ndi zoona. Koma 500 ameneyo ndi katundu wokanikiza pansi yekha. Chingwe sichinaime chilili ngati chingwe cha ndowa pachitsime, chagona chopingasa. Kuti chinyamule katundu chili chogona choncho chimayenera kukoka nsanamira cham'kati, ndipo kukoka kumeneko n'kokulirapo kuposa 500. Kukula kwake kumadalira chinthu chimene a ku Namwera sanatiuze: chingwe chidzatsika mamita angati pakati, kuchokera pa mutu wa nsanamira? Ine ndimati mimba ya chingwe. Tiuzeni kaye imeneyo.

Wamapaipi Namwera

Madala, ndimaganiza mita imodzi kuti nsanamira zikhale zazifupi, zitsulo zadula. Komanso chingwe chokungika chimaoneka cholimba.

Injiniya wopuma, Malindi

Pamenepo m'pamene pali ngozi. Tiyeni tichite masamu pamodzi, ndi achidule.

Mphamvu timaiyeza mu kN, ndipo 1 kN ndi pafupifupi kulemera kwa makilogalamu 100, ndiye makilogalamu 25 pa mita titenge ngati 0.25 kN pa mita. Popeza paipi yagona mowongoka ndipo mahang'ala atalikirana mofanana, katundu ndi yemweyo pa mita iliyonse ya mtunda wopingasa. Chingwe chonyamula katundu wotero chimapindika ngati parabola.

Tsopano m'maganizo dulani chingwe pakati penipeni, pamene chatsikitsitsa, muyang'ane theka limodzi. Pamalo odulawo chingwe chagona ndithu, ndiye chikukoka chopingasa basi. Mphamvu imeneyo tiitche H. Theka limenelo lanyamula mamita 20 a paipi, omwe ndi 5 kN, ndipo pakati pa katunduyo ndi mamita 10 kuchokera pa nsanamira. Katundu akufuna kuzunguza thekalo pa mutu wa nsanamira ndi 5 kuchulukitsa ndi 10, yomwe ndi 50. Chomuletsa ndi H yekha, ndipo mkono wake ndi mimba ija. Mimba ikakhala mita imodzi, H ayenera kukhala 50 kN. Amenewo ndi matani asanu, pa paipi yolemera tani imodzi. Mimba ikakhala mamita 4, H atsika kufika pa 12.5 kN. Mwachidule amalemba motere, w ndi katundu pa mita, L ndi mtunda wa pakati pa nsanamira, d ndi mimba, V ndi katundu wokanikiza pansi pa nsanamira iliyonse, T ndi mphamvu yonse yokoka chingwe pa mutu wa nsanamira:

```
H = w*L^2 / (8*d)
V = w*L / 2
T = sqrt(H^2 + V^2)
```

H sasintha paliponse m'chingwe. Chimene chimakula mukamayandikira nsanamira ndi gawo lokoka chokwera, mpaka kufika pa V, 5 kN wa a pa Boma uja. Choncho chingwe chimavutika kwambiri pa mutu wa nsanamira, osati pakati. Pa mimba ya mamita 4, T ndi sqrt(12.5^2 + 5^2), pafupifupi 13.5 kN. Ine ndikanasankha mamita 4 ameneŵa. Ndalama imene mungapulumutse pofupikitsa nsanamira idzathera pa chingwe chokhuthala ndi konkire ya nangula, ndipo idzapereŵera.

Wamagetsi Monkey Bay

Pepani kudumphira. Ife pa mawaya a magetsi tinaphunzira kuti waya wolendewera amatsata katenare, osati parabola. Masamu ameneŵa sakusocheretsa mnzathuyu? Komanso ife timakunga ndithu, pa mamita 40 mimba sifika ndi mita imodzi yomwe, koma mapolo sagwa.

Injiniya wopuma, Malindi

Waya wanu wanyamula thupi lake lokha, ndiye kulemera kumatsata utali wa wayayo. Imeneyo ndiye katenare. Apa chingwe cha mamilimita 12 chimalemera pafupifupi theka la kilogalamu pa mita, pamene paipi ndi madzi zikupitirira 20. Wolamula ndi paipi, ndipo paipi yagona chopingasa. Ndipo ngakhale kwa inu, mimba ikakhala yaing'ono mizere iŵiriyi imasiyana pang'ono zedi. Mapolo anu sagwa chifukwa w wanu ndi wochepa kwambiri, komanso waya wa mbali inayo amakoka mobwezera. Polo yomalizira paja mumaimangira siteyi.

Mayi kapitawo wa milatho

Ndiyankheko za utali, chifukwa 45 wanenedwa uja akusiyani panjira. Chingwe cha pakati pa nsanamira chokha:

```
S = L + 8*d^2/(3*L) - 32*d^4/(5*L^3)
```

Pa L = 40 ndi d = 4, gawo lachiŵiri ndi 128 kugaŵa ndi 120, yomwe ndi 1.07. Lachitatu ndi 0.03 yokha. S ndi mamita 41.04. Anthu amadabwa kuti mimba yonse ya mamita 4 ikungodya mita imodzi ya chingwe, koma ndi momwemo. Njira imeneyi imagwira bwino mimba ikakhala yaing'ono poyerekeza ndi mtunda, monga pano pamene ili gawo limodzi mwa magawo khumi.

Koma chingwe sichithera pa nsanamira. Chimadutsa pamutu n'kutsikira ku nangula kumbuyo. Tinene kuti hang'ala wamfupi wa pakati ndi theka la mita, ndiye mutu wa nsanamira uli mamita 4.5 pamwamba pa paipi. Chingwe chimafika pamutupo chikukwera 0.4 pa mita iliyonse, kuchokera pa 4*d/L. Kumbuyo muchitsitse motsetsereka chimodzimodzi, kuti nsanamira ingokanikizidwa pansi ndi 10 kN osakokedwera kukhwawa. Ndiye nangula akhale mamita 11.25 kumbuyo ngati nthaka ili pa levulo ya paipi, ndipo chingwe cha pamenepo ndi 12.1. Mbali ziŵiri 24.2. Muonjezere mita ndi theka kumapeto kulikonse yopindira ndi kumanga makilampu. Zonse zikukwana 68.3. Odani 70 wosadula, wopanda mfundo pakati.

Wowotcherera pa Boma

Ine za kumbuyozo ndimaganiza tingoika chitsulo cha ngodya chothandizira nsanamira, chingwe n'kuthera pamutu. Sizingachepetse mtengo?

Mayi kapitawo wa milatho

Achimwene, 12.5 kN akukoka pamwamba pa mzati wa mamita 4.5 ndi 56 kNm patsinde. Maziko oletsa zimenezo adzadya simenti yoposa ya nangula. Zimatheka pamene kumbuyo kulibe malo, koma si njira yotchipa.

Wamapaipi Namwera

Zikomo amayi, zikomo madala. Ndiye ndingoyeza 41.04 pansi, kuika zizindikiro za penti, n'kukweza kuti zizindikirozo zikhale pamitu ya nsanamira?

Mayi kapitawo wa milatho

Ayi, nambala imeneyo ndi yogulira, si yokungira. Utali ukasintha pang'ono mimba imasintha kwambiri. Pa mimba ya mamita 4, masentimita 10 oonjezera pa chingwe amatsitsa pakati ndi masentimita pafupifupi 19. Mukanakhala pa mita imodzi ija, masentimita 10 omwewo akanatsitsa ndi 58. Ndipo chingwe chimatamuka. Cha mamilimita 12 chikanyamula 13 kN ndimayembekezera kuti pa mamita 41 chitalika masentimita 8 kapena 10, osaŵerengera cha kumbuyo, ndipo chatsopano chimaonjezera pamene timawaya take tikukhazikika. Mukapanda kusamala paipi idzakhala ndi chigwa pakati pomwe matope azidzaunjikana, ndipo masoketi a pamenepo ndi amene amayamba kudontha.

Ife timatere. Timalemba mzere pa nsanamira zonse ziŵiri pa msinkhu umene pansi pa mimba payenera kukhala. Munthu mmodzi amaika diso pa mzere wa mbali iyi kuyang'ana wa tsidya, ena akukoka ndi tcheni buloko mpaka chingwe chikhudze mzere wa diso. Chikakhala chopanda katundu timachisiya chokwererapo, kenaka timakonzanso paipi itadzaza madzi. Siyani chomangira cha ulusi ku nangula kuti muzitha kubweza.

Mahang'ala ndiye osavuta. Pa manambala anuŵa chingwe chimakwera y = x^2/100 kuchokera pakati. Pa mamita 6 ndi 0.36, pa 10 ndi mita imodzi, pa 18 ndi 3.24, ndipo paliponse muonjezere theka la mita lija. Koma x muyeze motsata paipi. Pafupi ndi nsanamira, mamita 2 a paipi ndi 2.14 pa chingwe. Mukayeza 2 pa chingwe mahang'ala adzapendekeka.

Injiniya wopuma, Malindi

Za kukula kwa chingwe, ine 13.5 ndimachulukitsa kanayi, kukhala 54 kN, ndipo ndimakumbukira kuti makilampu amachepetsa mphamvu ya chingwe ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Ndiye funani choduka pa 70 kN kapena kuposa. Cha mamilimita 12 chabwino chimafika pamenepo, koma ogulitsa akuonetseni pepala la mphamvu yake, musangodalira kukhuthala. Chikhale cha galavanaizi.

Chimene sindikukhutira nacho ndi mphepo. Masamu onsewa ndi a katundu wotsika pansi. Paipi ikakhala yopanda madzi, mwera wa mu June ndi July ukhoza kuigwedeza cham'mbali mpaka ulusi wa masoketi kutopa. Ine ndikanaika zingwe ziŵiri zazing'ono za m'mbali.

Mayi kapitawo wa milatho

Pa mamita 40 m'khwawa lobisika ine sindinaikepo, madala, ndipo mapaipiwo alipobe. Zimadalira ngati malowo ali poyera. A ku Namwera, mphepo imadutsa motsata khwawalo? Komanso nthaka ya kumbuyo kwa nsanamira ndi yotani? Nangula akukokedwa 12.5 kN chopingasa ndi 5 kN chokwera, ndipo ngati pali mchenga wonyowa nthaŵi ya dzinja sindingaŵerengere kuti nthaka igwira, ndingadalire kulemera kwa konkire kokha.

Wamapaipi Namwera

Tsidya la kummaŵa ndi mwala, la kumadzulo ndi dothi lofiira losakanikirana ndi mchenga. Mphepo ndikafunsa eni minda ya pamenepo. Loŵeruka tikumba dzenje loyesera la mita ndi theka kumadzuloko, ndidzatumiza zithunzi kuti muone dothi tisanagwirizane kukula kwa nangula. Chingwe ndioda 70.