Thandizeni, Lachisanu ndikuyenera kuyankhula Chingerezi pamaso pa alendo

Wosatchula dzina: Abale, ndimagwira ntchito ya ulangizi wa mbatatesi ku Angónia. Ashefi andiuza dzulo lomweli kuti Lachisanu ndikafotokozere alendo za ntchito yathu m'Chingerezi. Amene amapita kumaphunziro onse ndi mnzanga, lero akuti wadwala. Ndalama ya shapa ya mwezi watha ashefi sanandibwezerebe, kompyuta anaipereka kwa wina. Ndikachita mantha ndimathamanga ngati wowerenga maliro pa wailesi. Ndiyambire pati?

Aphunzitsi a ku Moatize: Achimwene, za shapa tamva, koma akupatsani mphindi zingati? Tingoyerekeza 5. Poyankhula modekha mumatulutsa mawu pafupifupi 110 pa mphindi, ndiye zolemba zanu zisapitirire mawu 550. Masekondi 30 oyamba nenani dzina ndi mutu, kenaka "I have three points." Mfundo iliyonse ipatseni masekondi 80, otsala 30 ndi otsekera. Mfundo yachinayi itayeni ngakhale ikukomereni.

Nabanda: Lowezani zonse pamtima basi, mudzatha bwinobwino.

Aphunzitsi a ku Moatize: Ayi mayi, woloweza zonse akaiwala liwu limodzi amangoti kakasi. Alowezetu chiganizo choyamba ndi chomaliza chokha. Pakapepala alembe mawu owolokera: "First", "My second point is", "Finally", "To sum up". Akanena lililonse aime, awerenge chamumtima kufika pa 2, apume mpweya. Pamenepo ndi pamene liwiro limatsika, omvera nawo amadziwa kuti tachoka pa mbewu, tafika pa matenda.

Bambo a Chisomo: Ngati alendowo ndi a ku Dedza, ingowayankhulani Chichewa, mukuvutikiranji?

Mlongo wa ku Zóbuè: Chenjerani ndi Chipwitikizi chobisala. "In resume" si Chingerezi. "Actually" sikutanthauza "pakali pano", nenani "now". Komanso 2,5 yathu ija kwa iwo ndi 2.5, "two point five". Ndipo 15 ndi 50 zimamveka mofanana mukathamanga, nambalayo ilembeni pabolodi.

Nabanda: Aphunzitsi, mawu 110 achepa, adzagona anthu.

Aphunzitsi a ku Moatize: Mzungu angafike 150, koma uyu akumasulira m'mutu. Adzijambule mawu pafoni katatu ataimirira. Akamaliza pa mphindi 3 ndi theka, wathamanga. Akapitirira 6, adule zitsanzo, asawonjezere liwiro.

Mlongo wa ku Zóbuè: Mantha amafulumizitsa munthu tsikulo, ndiye ine ndingati pokonzekera akafika 5 ndi theka palibe vuto.

Aphunzitsi a ku Moatize: Ayi, kupitirira nthawi n'kulakwa. Mwini funso, mphindi zingati?

Wosatchula dzina: Zikomo nonse. Nanga ya shapa ija ndiwakumbutse ashefi alendo asanabwere kapena atapita?