Kalata kwa wophunzira amene waloweza gilaikolisisi katatu koma ikumuthawabe

Mphunzitsi wa chaka choyamba

Akuluakulu anzanga, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi mtsikana wa chaka choyamba, wakhama zedi. Sabata yatha anabwera ku ofesi ndi kope lake, masamba asanu atadzaza ndi gilaikolisisi, njira ya masitepe khumi imene selo imaphwanyira shuga wa gulukosi, yolembedwa mobwerezabwereza, mivi yonse ili m'malo mwake. Nditamufunsa kuti NAD+, chonyamula maelekitironi, ikatha mu selo chichitike n'chiyani, anangoti duu, misozi ili lengelenge. Mayeso atsala sabata zitatu. Ndamulembera kalata iyi koma sindinamupatse, ndikufuna muyambe mwaiona.

Mng'ono wanga,

Kope lako ndaliona, ndipo khama lako silikukayikitsa. Chikukuvuta n'choti ukuloweza mayina khumi otsatizana usanadzifunse kuti selo ikufuna chiyani. Tseka buku, tenga pepala loyera. Pamwamba lemba 6, pansi lemba 3 + 3. Ntchito yonse ndi imeneyo, kudula gulukosi wa makaboni 6 kuti patuluke mapayiruveti awiri a makaboni 3, selo n'kupatapo ATP, chonyamula mphamvu cha selo. Zotsalazo ndi mavuto amene selo ikukumana nawo m'njira, ndipo sitepe iliyonse ikuyankha vuto limodzi.

Vuto loyamba ndi khomo. Gulukosi akalowa mu selo atha kutulukiranso pomwe analowera. Selo imamumata fosifeti pa C6, kaboni wachisanu ndi chimodzi, ndipo akakhala ndi fosifetiyo khomo lija silimunyamulanso. Yawononga ATP imodzi, koma gulukosi watsekeredwa m'kati.

Lachiwiri ndi podula. Apa ndikupempha ujambule makaboni onse 6 mondondozana ndi kuwapatsa manambala. Enizaimu yodula, aludolezi, sidula paliponse. Imayang'ana pamene pali C=O, n'kusiya kaboni woyandikana naye, n'kudula patsogolo pa ameneyo. Mu gulukosi C=O ali pa C1, choncho mpeni ukadagwera pakati pa C2 ndi C3, n'kutuluka chidutswa cha makaboni 2 ndi china cha 4. Selo ikufuna zidutswa zofanana. Ndiye sunthira C=O pa C2, uwerengenso ndi chala. Mpeni wagwera pakati pa C3 ndi C4. Kusuntha kumeneko ndi kumene buku likutchula kuti gulukosi wasanduka firakitosi. Sitepe yachiwiri sunailoweze, waipeza wekha.

Tsopano yang'ana zidutswa zikubwerazo. Cha kumunsi chili ndi fosifeti pa C6, cha kumtunda chilibe. Choncho usanadule mata fosifeti wina pa C1, amene wangomasuka kumene C=O atachokapo. ATP yachiwiri yapita. Sitepe yachitatuyi uyisunge pamtima, chifukwa isanachitike shuga akanatha kupatukira kwina, monga kukasungidwa ngati gilaikojeni, koma akadutsa apa sabwereranso. N'chifukwa chake selo inaika mlonda pomwepa. ATP ikachuluka, mlondayu, enizaimu ya PFK-1, imachepetsa liwiro, koma AMP, chizindikiro choti mphamvu yachepa, ikachuluka imathamanga.

Ukadula, zidutswa ziwirizo zimatuluka zosiyana pang'ono, ndipo chimodzi chimasinthidwa kuti chifanane ndi chinzake. Kuchokera pamenepa chilichonse uziwerenga kawiri. Pa sitepe 6 NAD+ imalanda maelekitironi n'kusanduka NADH, ndipo mphamvu yotulukayo imamata fosifeti wina popanda kuwononga ATP. Chidutswa chilichonse chili ndi mafosifeti awiri tsopano, ndipo onse akathera pa ADP n'kupanga ATP, wina pa sitepe 7, wina pa sitepe 10. Masitepe 8 ndi 9 ndi okonzekeretsa fosifeti wotsalayo, kumusunthira pa C2 ndi kuchotsa madzi kuti akhale wosavuta kupereka. Werenga: zidutswa 2, chilichonse ATP 2, zakwana 4. Chotsa 2 zimene tinakongola poyamba, zatsala 2.

Tibwerere ku funso lija. NAD+ mu selo ndi yochepa, ili ngati mbale za pa ukwati wa kumudzi, zimene anthu akadyera zimayenera kutsukidwa msanga kuti ena adyerenso. NADH ndi mbale yodyera kale. Ikapanda kubwezedwa kukhala NAD+, sitepe 6 imaima, ndipo ATP sipezekanso. Maselo ambiri amatsukira mbalezi ku maitokondiriya. Selo yofiira ya magazi ilibe maitokondiriya, ndiye imathira maelekitironi aja pa payiruveti, n'kupanga lakiteti. Chimene ikufuna pamenepo ndi NAD+, lakiteti ndi chotsalira chabe.

Ubwere Lachinayi ndi pepala loyera, udzandifotokozere iweyo.

Mphunzitsi wa manesi

Achemwali, ine ana anga ndimawapatsa kanyimbo. Timatenga chilembo choyamba cha dzina lililonse n'kupanga chiganizo choimbika, pakutha kwa masiku awiri onse amakhala akulakatula masitepe khumi osaphonya. Mukafuna ndikutumizirani. Pa sabata zitatu palibe njira yachangu kuposa imeneyi.

Mphunzitsi wa chaka choyamba

Zikomo mayi, koma mwina sindinafotokoze bwino. Masitepe khumiwo mwanayu amawalakatula kale osaphonya. Chimamugwetsa ndi funso likangotembenuzidwa, komanso pakadutsa sabata osabwereza, 8 ndi 9 amazisinthanitsa chifukwa palibe chomuuza kuti iyambe ndi iti.

Wa mu labu

Ine si mphunzitsi weniweni, ndimangolandira ophunzira akabwera kudzaphunzira ntchito kwathu. Koma mukanamuonetsa chinthu chogwirika. Mumupatse kabotolo kotengera magazi ka chivindikiro chotuwa kaja, timayezera shuga. Muli fuloraidi. Magazi mukawaika m'kabotolo wamba n'kuwasiya pa tebulo, maselo amapitiriza kudya shuga, amatsika ndi 5 mpaka 7 pa 100 aliyense pa ola limodzi. Magazi amene anali 5.0 mmol/L pakatha maola awiri mupeza ali cha m'ma 4.4. Ndinaonapo magazi ochokera ku chipatala china chaching'ono atafika madzulo m'kabotolo kolakwika, zotsatira zake zikuonetsa ngati wodwala wakomoka ndi kuchepa kwa shuga, chonsecho munthuyo akuyenda bwinobwino. Fuloraidi amaimitsa gilaikolisisi nthawi yomweyo, shuga amakhala pomwe anali.

Mphunzitsi wopuma

Achimwene a mu labu, chitsanzo chanu ndi chabwino kwambiri, koma mawu oti nthawi yomweyo ndi amene sali bwino, ndipo m'menemo ndi mmene muli phunziro lenileni. Fuloraidi amatseka enolezi, pa sitepe 9, kumunsi kwenikweni. Hekisokainezi ali pa sitepe 1, ndipo iye sanamve kanthu. Amapitiriza kumata fosifeti pa gulukosi malinga ngati ATP ikadalipo mu selo, ndipo gulukosi womatidwa fosifeti makina anu samuwerenganso ngati gulukosi. Ndiye pa ola loyamba, ngakhale lachiwiri, shuga amatsikabe pafupifupi ngati mulibe fuloraidi, kenako ndi pamene amakhazikika. N'chifukwa chake timalimbikira kuti magazi azunguzidwe msanga, madzi ake asiyane ndi maselo.

Amayi olemba kalata, funso loti mumupatse Lachinayi ndi limenelo. Mumuuze kuti watseka sitepe 9, akuuzeni chiunjikane n'chiyani, chisowe n'chiyani, nanga gulukosi aleka liti kutsika. Akayankha bwino, aziona yekha kuti sitepe 7 ikubweza ATP ziwiri zokha, sitepe 10 yauma, phindu lafika pa 0. Funso limenelo kanyimbo sikangaliyankhe.

Pa kalatayo ndili ndi madandaulo awiri. Loyamba, mwamuyankhira mafunso onse. Mwana wozolowera kuloweza atenga kalata yanu yomweyi n'kuiloweza, Lachinayi adzakuuzani za mbale za pa ukwati mawu ndi mawu. Ndime ya podula ija muidule pakati. Mumuuze lamulo la aludolezi, mumufunse kuti gulukosi akadulidwa momwe alili patuluka zidutswa zotani, musiye mpata wolembapo. Lachiwiri, mawu oti selo ikufuna muwagwiritse ntchito mosamala. Amathandiza kukumbukira, inenso ndinkaphunzitsa choncho, koma ndinaonapo ophunzira akulemba pa mayeso kuti enizaimu inaganiza. Muonjezere chiganizo chimodzi chomuchenjeza kuti ndi kayankhulidwe chabe.

Wa mu labu

Bambo, mwandiphunzitsa. Zaka zonsezi ndimadabwa kuti ngakhale kabotolo kotuwa nthawi zina kamapereka nambala yotsikirapo poyerekeza ndi ya kamakina kobaya pachala, ndinkangoti vuto ndi kamakinako. Mwina nthawi zina ndi kamakinako ndithu, koma tsopano ndiyamba kulemba nthawi imene magazi atengedwa.

Dokotala wa ana

Ine ndikadakonda kalatayi ikadafika ku wodi. Mwana wa malungo aakulu amene akupuma mozama ndi mofulumira, chifuwa chili choyera, kawirikawiri vuto ndi asidi m'magazi, ndipo mbali yaikulu ndi lakiteti. Magazi achepa, timitsempha tatsekeka ndi maselo okhala ndi tizilombo, mpweya sukufika m'minofu, maitokondiriya sakutha kubweza NAD+, ndiye maselo akuthira pa payiruveti monga mwalembera. Tizilombo ta malungo nato timadalira gilaikolisisi yomweyi, timadya gulukosi wambiri n'kutulutsa lakiteti. Ophunzira amafika kwa ife chaka chachinayi osadziwa kuti kupuma kumeneku kukugwirizana ndi zimene anajambula chaka choyamba. Ikanimo ndime imodzi.

Mphunzitsi wa chaka choyamba

Adokotala, ndikumva, ndipo ndidzamufotokozera pakamwa akadzatha funso la fuloraidi. M'kalatamo ndikuopa kudzaza, mwanayu ali kale ndi mantha. Bambo, ndime ya podula ndaisandutsa funso monga mwanenera, ndipo kuwerengera kwa ATP ndakuchotsanso kuti awerenge yekha. Mbale za pa ukwati ndazisiya, chifukwa palibe china chimene ndapeza chomveka choncho.

Mphunzitsi wa manesi

Chabwino, ndamva kuti ndinayankha funso lina. Komabe ndifunse. Pepala la mayeso likati tchula enizaimu ya sitepe 8, kuganiza kumuthandiza chiyani? Dzina ndi dzina, uyenera kuliloweza. Ndipo gilaikolisisi si yokha, kuli Krebs, kuli za mafuta, kuli yuriya. Akamakhala tsiku lonse pa njira imodzi, sabata zitatu zimukwanira?

Mphunzitsi wopuma

Mayina ambiri amanena okha ntchito yawo. Kainezi amasuntha fosifeti pakati pa ATP ndi chinthu china, dihaidirojenezi amachotsa maelekitironi ndipo pambali pake mupeza NAD+ kapena FAD, myutezi amasuntha kagulu kuchoka pa kaboni wina kupita pa wina m'chinthu chomwecho. Akadziwa kuti sitepe 8 ikusuntha fosifeti kuchoka pa C3 kupita pa C2, theka la dzina walipeza. Krebs imalolanso kuwerenga makaboni: 4 kuphatikiza 2 ndi 6, kenako 5, kenako 4, CO2 iwiri yatuluka. Koma mayi mukunena zoona pa zina. Njira zophwanyira maamino asidi osiyanasiyana ine sindinapezepo ulusi umodzi wozilumikiza zonse, kumeneko kanyimbo kanu kali ndi malo.

Mphunzitsi wa chaka choyamba

Za nthawiyo nanenso zikundidetsa nkhawa, ndipo yankho ndilibe. Ndikuganiza zomupatsa masiku anayi pa gilaikolisisi, ndione ngati Krebs aigwire mwachangu payekha ndi njira yomweyi. Akachedwa, mayi, ndidzakupemphani kanyimbo kaja ka zotsalazo. Achimwene a mu labu, mungandisungireko kabotolo kamodzi kotuwa kosagwiritsidwa ntchito? Ndidzera Lachitatu masana.