Kodi kiriyetini amawonongeka mu tiyi wotentha kapena m'phala?

Abale, ndithandizeni. Ndatha masabata atatu ndikumwa ufa wa kiriyetini, magalamu 5 tsiku lililonse, poti ndimanyamula zitsulo. M'madzi ozizira ufawu umatsalira pansi pa kapu ngati mchenga, ndiye ndinayamba kuthira mu tiyi wotentha, momwe umasungunuka msanga.

Dzulo mnzanga anandiuza kuti kutentha ndi zowawasa zimasandutsa kiriyetini kukhala kiriyetinini, yemwe alibe ntchito m'minofu, amangotuluka ndi mkodzo. Kodi zimenezi zingachitike pa mphindi 5 zomwera tiyi, kapena zimatenga maola? Nanga phala, ndizithira lili pamoto kapena nditaphula?

Nkhawa yanga yaikulu ili pa juwisi wa malalanje. Masiku ena ndimasakaniza m'mawa, botolo n'kukhala m'chikwama mpaka masana dzuwa likuswa mtengo. Chitinichi ndinagula modula, sindikufuna kumamwa zakutha mphamvu.