Kusiyana kwa ndalama pa invoyisi ya madola kwadziwika

"Ndinalemba invoyisi ya madola 1,000, koma kwacha zomwe zalowa sizikufanana ndi zomwe zili m'buku. Ndiwafotokozere bwanji abwana?"

Ndinafunsa motere ndili wothedwa nzeru pa loji yathu ku Senga Bay, ndipo tsopano mutu wake ndaupeza. Invoyisiyo ndinailemba mu Okutobala 2023 pa mtengo wa K1,180 pa dola, choncho m'buku munalowa ngongole ya K1,180,000. Kasitomala wa ku Germany analipira madolawo kwacha itatsitsidwa kale mphamvu mu Novembala, ndipo banki inagula madolawo pa K1,680.

Chomwe chinandisokoneza n'chakuti zinthu ziwiri zinasakanikirana. Nditayika chikalata cha banki pambali pa invoyisi, ndinaona kuti anafika madola 975 okha, popeza mabanki a m'njira anadulapo 25. Ndalama yodulidwayo, yomwe ndi K42,000, ndinailemba ngati chindapusa cha banki, pomwe K500,000 yobwera chifukwa cha kukwera kwa dola ndinailemba payokha ngati phindu la kusintha kwa mtengo wa ndalama, osati malonda. Nditaphatikiza K500,000 pa K1,180,000 ija n'kuchotsapo K42,000, zonse zinakwana K1,638,000 yomwe inalowa.

Invoyisiyo sindinaisinthe, chifukwa kasitomala analipira madola onse omwe tinagwirizana, ndipo abwana akhutira.