Maminitsi akuti "onse anavomereza" koma manambala sakugwirizana

Tadala: Anzanga ndithandizeni, ndapatsidwa dirafuti ya maminitsi a bodi kuti ndiiwerenge isanapite kwa a tcheya mawa. Bodi yathu ili ndi madayirekita 7. Awiri anapepesa koma m'modzi mwa iwo anatumiza omuyimira, ndiye pa tebulo analipo 6. Pa mfundo 5, ya kontirakiti ya lendi ya nyumba yosungiramo katundu, dayirekita wina ananena kuti nyumbayo ndi ya kampani ya mkazi wake, natuluka. Manotsi a amene analemba akuti manja anakwera 4, otsutsa panalibe, m'modzi sanavote. Koma dirafuti yalemba kuti onse anavomereza. Ndisinthe kapena ndikungolimbana ndi zazing'ono? Chinanso ma tensi angosakanikirana, pena "anati" pena "akuti", komanso dzina la dayirekita m'modzi lalembedwa mitundu iwiri.

Gift K: Ngati palibe anatsutsa ndiye kuti onse anavomereza basi, ife timalemba choncho zaka zonsezi ndipo ma odita sanafunsepo. Koma chongani kaye ngati 4 pa 7 ikufika 75 peresenti, chifukwa sikufika.

Mayi Nachisale: A Gift, zonse ziwirizo ayi. 75 peresenti ija ndi ya eni masheya akamapanga chigamulo chapadera, monga kusintha dzina la kampani kapena malamulo ake. Pa bodi nthawi zambiri zimadutsa ndi oposa theka la mavoti amene aponyedwa, pokhapokha malamulo a kampaniyo atanena zina. Ndipo sitiwerengera pa 7, amene kulibe savota.

Tsopano kwa inu a Tadala, sizazing'ono ayi. Munthu amene wakhala phee osakweza dzanja sanavomereze, sanatsutsenso. Mukalemba kuti onse anavomereza mwamuikira voti m'kamwa, ndipo tsiku limene kontirakitiyo idzavute anthu nkuyamba kufunsa kuti anaivomereza ndani, iyeyo adzatsegula buku la maminitsi nkupeza kuti munamulemba m'gulu. Lembani zomwe zinachitika, ovomereza 4, otsutsa 0, osavota 1, chigamulo chinadutsa. Ngati a tcheya sakonda manambala, "chinadutsa popanda wotsutsa" ndi zoona, "onse" ndi bodza.

Ine ndimachita masamu pa mfundo iliyonse imene yavoteredwa. Opezeka 6, kuchotsa amene anatuluka atsala 5, ndiye 4 ndi 0 ndi 1 zikwane 5. Zanu zakwana. Zikapanda kukwana musakonze nokha ndi kuganizira, bwererani kwa wolemba.

Tadala: Zikomo mayi. Khoramu yathu, chiwerengero chochepetsetsa cha anthu oyenera kukhalapo kuti bodi ipange chigamulo, ndi 4, ndiye bwinobwino eti?

Mayi Nachisale: Eya, 5 anatsala. Koma maminitsi anene zimenezo poyera, kuti uje ananena za chidwi chake pa nkhaniyo, anatuluka zokambirana zisanayambe, sanavote, khoramu inalipobe, ndipo anabwerera mfundo 6 isanayambe. Mzere wa kubwererawo ndi umene anthu amaiwala, ndiye pa pepala munthu amaoneka kuti anatuluka pa 5 koma akuvota pa 7. Onaninso malamulo a kampani yanu ngati amalola omuyimira uja kuvota ndi kuwerengedwa pa khoramu, ena salola nkomwe. Ngakhale mutamuchotsa atsala 4, koma voti yake ikhala nkhani ina.

Blessings: Pepani kulowerera, yanga ndiyofananako. Ife maminitsi a mwezi watha anasayinidwa kale, kenako tapeza kuti nambala ya akaunti mu chigamulo cha ku banki yasinthana manambala awiri. Abwana akuti ndingokonza pa kompyuta ndipulintenso tsambalo.

Mayi Nachisale: Musatero a Blessings. Osayinidwa sakhudzidwanso. Nkhaniyo ipite ku msonkhano wotsatira, bodi ivomereze kukonzako, zilembedwe mu maminitsi atsopanowo, ndipo pa akalewo mungoika kachizindikiro kolozera kumeneko. Ngati banki ikudikira, madayirekita asayine chigamulo cholembedwa chatsopano ngati malamulo anu amalola.

Achimwene Yoha: Ine ndilankhulepo za tensi poti mwaisiya. Zokambirana zonse ziikeni mu nthawi yakale, anati, anafotokoza, anafunsa, bodi inaona kuti. Chifukwa chake maminitsi amawerengedwa patapita zaka, ndiye "malonda akutsika" munthu adzafunsa kuti liti. Chimodzimodzi lero, dzulo, sabata yamawa, mwezi uno, zonsezo zichoke, ikani deti. "Lipoti libwere sabata yamawa" ikhale "lipoti libwere pofika pa 21 Malichi", koma detiyo itsimikizeni kwa a tcheya, musaipeke.

Koma chenjerani, chigamulo chenichenicho musachikokere ku nthawi yakale. Mawu oyamba okha, "zinagwirizanidwa kuti", ndi amene ali akale, zotsatirazo zikhale m'mene zinawerengedwera anthu asanakweze manja. Ndinaonapo wina wofuna kuti zonse zifanane anasintha "a zachuma apatsidwe mphamvu yosayina kontirakiti" kukhala "a zachuma anasayina kontirakiti", basi pepala likunena kuti munthu anasayina bodi isanamulole, pomwe mwina mpaka pano sanasayine. Ndiye owerenga dirafuti mu chigamulo amangokonza sipelo, china chilichonse afunse.

Tadala: Eee ndangoona yofanana. Mfundo 5 yalemba "kontirakiti idzavomerezedwa". Ndiye ivomerezedwa liti poti anavota kale?

Achimwene Yoha: Ndi imeneyo. Mwina inakopedwa kuchokera pa ajenda, kumene zinali zisanachitike. Yang'anani pepala limene a tcheya anawerenga. Ngati anavomereza tsiku lomwelo ikhale "kontirakiti ivomerezedwe, ndipo yavomerezedwa". Koma mwinanso bodi inati ivomerezedwa loya akaiona kaye, zikatero chikusowa ndi kondishoniyo, osati tensi. Yatsani Track Changes, ikani komenti, aziyankha okha eni ake.

Gift K: Za mayina ndilibe mkangano, Ctrl+H nkusintha onse kamodzi, mphindi imodzi yatha.

Mayi Nachisale: Bola pasakhale awiri a dzina la makolo limodzi, chifukwa mudzaphatikiza anthu awiri kukhala m'modzi. Ine ndimagwiritsa Ctrl+F, dzina limodzi limodzi, nditaika rejisita ya madayirekita pambali. Sipelo yolondola ndi ya mu rejisita, imene iyenera kufanana ndi chitupa chawo, osati ya pa imelo kapena m'mene timawaitanira mu ofesi. Ku banki akabweza chigamulo chifukwa cha chilembo chimodzi chosiyana ndi chitupa. Onaninso mndandanda wa pamwamba. Amene anatumiza omuyimira alembedwe kwa opepesa, omuyimirayo kwa opezeka ndi mawu oti akuyimira uje. Sekilitale, akauntanti ndi alendo ena apite pa mndandanda wawo wa ongokhala nawo, asasakanikirane ndi ovota, apo ayi masamu aja sadzakwana.

Tadala: Nanga amene sanavote uja ndimutchule dzina?

Mayi Nachisale: Ngati anapempha yekha kuti zilembedwe, eya. Apo ayi nambala yokwanira.

Achimwene Yoha: Apa ndiye timasiyana mayi. Pa kontirakiti yokhudza dayirekita mnzawo ine ndimatchula, chifukwa loya akadzafunsa kuti 4 aja ndi ati simudzakumbuka.

Mayi Nachisale: Mukayamba kutchula pa imodzi muzitchula pa zonse, ndiye ena amasiya kulankhula momasuka. Funsani a tcheya m'mene bodi yanu imachitira.

Tadala: Ndaika komenti pa zonse zitatu, manambala a voti, kondishoni ya loya ndi dzinalo. Ya kubwerera ija manotsi sakunena kuti analowanso nthawi yanji, ndiimbira wolemba m'mawa.